Funsani dokotala: Koyilo ya udzudzu mchipinda chotseka, ana anga akutsokomola mmawa uliwonse

Adokotala, ine ndimakhala ku Nkhotakota mnyumba ya lendi ya chipinda chimodzi, udzudzu kuno ndi wosayamba. Tsiku lililonse timayatsa koyilo tikamagona ndipo windo ndi chitseko timatseka poopa akuba. Ndili ndi mwana wa miyezi 7 ndi wina wa zaka 4 yemwe anampeza ndi mphumu, onse mmawa amadzuka akutsokomola. Neti ndili nayo ya ku sikelo koma timagona pa mphasa pansi, komanso bambo akunyumba amati imatentha ndipo imabweretsa nsikidzi. Kodi koyiloyi ndi imene ikuwadwalitsa? Nanga ndikasiya malungo satimaliza?

Mayi wodandaula, Nkhotakota

Mayi zikomo polemba. Ndisazungulire ayi, koyilo imeneyo isiyeni kuyatsa mmene mukugona anawo kuyambira lero lomwe. Sindinawayeze ana anuwo nde sindingalumbire kuti chifuwacho chonse ndi cha koyilo, koma mwana wa mphumu ndi khanda la miyezi 7 ndi anthu awiri amene sayenera kugona mu utsi olo pang'ono, kaya ndi wa koyilo, wa fodya kapena wa mbaula.

Anthu ambiri amaganiza kuti choopsa mu koyilo ndi mankhwala ophera udzudzu aja. Zoona zake mankhwalawo ndi ochepa kwambiri, safika ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a koyilo yonse, ndipo ndi a gulu lomwe lija la mankhwala amene amaikidwa mu neti, lotchedwa pairefuroidi. Zotsalazo ndi utuchi wa matabwa kapena zikamba za kokonati zopera, zomatira ndi utoto wobiriwira uja. Nde vuto lili pa kapsedwe kake. Koyilo siyaka lawilawi ngati nkhuni zouma, imangonyeka pang'onopang'ono maola 7 kapena 8, ndipo chinthu chikamanyeka choncho chimatulutsa tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso timene mphuno singathe kusefa, timalowa mpaka pansi penipeni pa mapapo. Chimatulutsanso mpweya wina wowawa wotchedwa fomadehaidi, ndi umene umapangitsa maso kunyeleza ndi kukhosi kukereketa mukadzuka. Mu 2003 akatswiri anayeza makoyilo ogulitsidwa ku China ndi ku Malaysia, anapeza kuti koyilo imodzi ikapsa yonse imatha kutulutsa tinthu timeneti tochuluka ngati ta ndudu za fodya zapakati pa 75 ndi 137. Izi sizikutanthauza kuti mwana wanu wasuta ndudu 100 ayi, fodya ali ndi poizoni wake wina, koma zikuonetsa kuchuluka kwa utsi umene ukutsekeredwa mkachipinda kanuko usiku onse, windo lotseka, chitseko chotseka, utsiwo ulibe kolowera koma mzifuwa zanu anthu anayi.

Ana zimawavuta kuposa inu ndi bambowo chifukwa njira zawo za mpweya ndi zopapatiza kale, zikangotupa pang'ono mpweya umavuta kudutsa, komanso khanda limapuma mofulumira kuposa munthu wamkulu nde limameza utsi wambiri poyerekeza ndi kathupi kake. Wa mphumuyo nde ndi nkhani ina, njira zake zimanyanyuka msanga, utsi ukalowa zimafinyika, ndipo mphumu imakonda kale kuvuta usiku ndi mbandakucha. Mwana wotere amatha kumwa mankhwala bwinobwino, inhela ali nayo, koma osasintha, makolo nkumati mankhwala a kuchipatala sakugwira pomwe chimene chikumuputa chikuyatsidwa pafupi ndi mutu wake usiku uliwonse.

Pali njira yophweka yodziwira nokha. Khalani masabata awiri osayatsa koyilo mnyumbamo, musasinthe china chilichonse pa mankhwala a mwana wa mphumuyo, kenako muziona mmawa uliwonse kuti wadzuka kangati usiku ndi chifuwa, nanga inhela mwampatsa kangati. Ngati unali utsi muona kusintha. Ngati masabata awiri atha chifuwa chilipobe, kapena mwana akuonda, akutentha thupi madzulo, sakudya, mupite naye akamuyeze zina kuphatikizapo TB, musangoti ndi koyilo basi.

Koma pali zizindikiro zosadikira masabata awiriwo. Mwana ali phee osalira, muvuleni malaya muwerenge kuti chifuwa chikukwera kangati pa mphindi imodzi yathunthu, foni yanu ili ndi wotchi. Wa miyezi 7 uja akafika 50 kapena kupitirira, wa zaka 4 akafika 40 kapena kupitirira, akupuma mothamanga ndipo chikhoza kukhala chibayo. Mukaona mmunsi mwa nthiti mukulowa mkati akamakoka mpweya, akulephera kuyamwa, milomo yasintha mtundu, kapena wamkuluyo akubanika moti sakutha kumaliza chiganizo ndipo inhela sikumuthandiza, thamangani kuchipatala nthawi yomweyo olo pakati pa usiku.

Tsopano za mantha anu a malungo, ndi mantha oyenera ndithu, kunyanja kumeneko malungo sasewera. Koma apa ndi pamene ndikufuna mundimvetse bwino. Koyilo imachepetsa kulumidwa inde, makamaka ikangoyatsidwa kumene, koma umboni wamphamvu woteteza ana ku imfa ya malungo uli pa neti yonyikidwa mmankhwala, osati pa koyilo. Udzudzu wa anofelesi umene umafalitsa malungo umaluma kwambiri usiku anthu atagona mpaka mbandakucha, ndipo koyilo ikathyoka poilekanitsa paja, kapena yazima ndi chinyezi, kapena mwayatsa theka kuti ikwane masiku awiri, imatha nthawi yomwe udzudzuwo uli pa ntchito inu muli mtulo. Neti siizima. Ndipo olo udzudzu wina unazolowera mankhwala, zomwe zikuchitikadi kuno kwathu, ukonde wokhawo umautchinga usafike pa khungu.

Kugona pa mphasa si chifukwa chosiyira neti mu pepala lake. Ngati ndi yatsopano iyanikeni pa mthunzi tsiku limodzi lathunthu musanagonemo, izi zimachepetsa kuyabwa kumaso kumene anthu ambiri amadandaula usiku woyamba uja. Khomani misomali inayi mkhoma kapena mangani zingwe ku mitengo ya denga, ngati alandilodi sakufuna misomali chingwe chimodzi chodutsa kuchokera pa windo kufika pa felemu ya chitseko chimakwana kupachikapo. Muitsitse ndithu kuti mphepete mwake mutsale nsalu yokwanira kupisa pansi pa mphasa mbali zonse, pamakona ikanipo kanthu kolemera ngati nsapato kapena chitenje chopinda, chifukwa ana amagudubuka ndipo kamwendo kakagunda neti udzudzu umaluma kuchokera kunja. Khanda ligone pakati kutali ndi ukondewo. Kabowo kakaoneka sokani tsiku lomwelo ndi ulusi wamba. Pochapa gwiritsani sopo wa mtanda osati wa ufa, osatikita pa mwala, ndipo muyanike pa mthunzi chifukwa dzuwa limapha mankhwala. Anthu anayi neti imodzi ndi yopanikiza zoona, nde mukapita ku sikelo ya mwanayo afunseni alangizi a zaumoyo za ina, koma pakadali pano ana awiriwo ndi inu ndi amene muyambe kulowamo.

Bambo akunyumba auzeni mwaulemu kuti pa kutentha sakunama, neti imatchinga kamphepo pang'ono, koma chimene chikutentha kwambiri mnyumbamo ndi windo lotsekalo ndi malata pamwamba. Ndalama imene mukugulira koyilo usiku uliwonse muziisunga pambali, ikakwana mugule gozi waya wa mita imodzi kapena awiri akhomedwe pa windo, ngati pali mabagala baazi nde windo mutha kumalisiya lotsegula usiku akuba osalowa udzudzu osalowa. Olo chidutswa cha neti yakale yong'ambika chimagwira ntchito pa windo ndi pa timabowo ta mpweya tija. Muyang'anenso mpata umene umatsala pakati pa khoma ndi denga, pamenepo ndi pamene udzudzu wa malungo umakonda kulowera, anthu amalimbana ndi chitseko pomwe khomo lake lenileni lili pamwamba.

Za nsikidzi ndimazimva kawirikawiri. Neti sibereka nsikidzi. Zimakhala kale mming'alu ya khoma, mu mphasa ndi mmisoko ya zofunda, neti ikabwera zimangopeza pobisala pena poyera pomwe mukuziona mosavuta. Mphasa ndi zofunda zitulutseni pa dzuwa, zochapika muthire madzi owira, ming'alu mumate. Chonde musathire mankhwala a mmunda kapena a mbewu pogona ana, amenewo ndi oopsa kuposa koyilo imene tikukambayi.

Sindikuti koyilo ndi yoletsedwa kulikonse. Mukakhala pa khonde madzulo mukudya nsima, ikani pansi chakumiyendo mbali imene mphepo ikuchokera koma patali ndi ana, pamenepo utsi umamwazika ndipo imathandiza nthawi imene simunalowe mu neti. Izikhala pa kachitsulo kake kaja mkati mwa mbale ya chitsulo kapena pa simenti, osati pa katoni, osati pafupi ndi mphasa, katani kapena neti, chifukwa neti imasungunuka ikagunda moto ndipo imamatirira pa khungu. Zotsala muziika pamwamba poti wokwawayo sangafike, ana amatola nkuika mkamwa, ndipo mukagwira musambe mmanja musanayamwitse. Mabanja amene alibe wa mphumu ndimawauza kuti ngati akakamizika, ayatse mchipinda mulibe munthu kwa kanthawi, azimitse, atsegule utsi utuluke kenako alowe. Kwa inu mayi olo zimenezi ndikukanizani, utsi umakanirira mu zofunda ndipo mwana wanu wamkuluyo angabanike nawo. Mankhwala opopera a mchitini nawonso amaputa mphumu, ndipo kufukiza masamba, makatoni a mazira kapena ndowe ndi utsi womwewo, pena woposa.

China chimene ndikuopa poti mwati chipinda ndi chimodzi, ngati mumaphikira momwemo mbaula izituluka panja musanatseke chitseko, olo makala akuoneka ngati azima. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali mtulo, chizindikiro chake ndi kudzuka nonse mutu ukuwawa, chizungulire ndi nseru. Zikatero tulukani panja nonse msangamsanga mupite kuchipatala. Ndipo mwana aliyense mwa awiriwa akatentha thupi, olo akugona mu neti, akayezedwe magazi tsiku lomwelo musanampatse mankhwala a malungo, ndipo mukapita mutenge inhela ya wamkuluyo akaone ngati mukumpopera moyenera.