Musanayambe kufunsa mtengo wa simenti, onani ngati tendayo ikukulolani

"Moni bambo. Ndili ndi kakampani komanga. Ndagula chikalata cha tenda ya khonsolo yomanga buloko ya makalasi awiri ndi zimbudzi, masamba opitirira 100, Chingerezi chokhachokha. Ndakutumizirani. Ndingachifupikitse bwanji kuti ndidziwe ngati ndikuyenera, mmene adzasankhire wopambana ndiponso masiku oti ndisaphonye? M'zaka zitatu zapitazi tinagwira ntchito za K90 miliyoni, K140 miliyoni ndi K190 miliyoni."

Zikomo bambo, chikalatacho ndachiona. Kukhuthala kwake kusakuopseni. Maofesi aboma amagwiritsa ntchito zikalata zomwe anakonza a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma, ndiye masamba ambiri amangobwerezedwa tenda iliyonse. Zomwe khonsolo yalemba yokha pa ntchito ino zili m'magawo awiri: la mutu wakuti Bid Data Sheet ndi la mutu wakuti Evaluation and Qualification Criteria. Yambirani pamenepo. Malangizo a kumayambiriro akasemphana ndi Bid Data Sheet, chomwe chimagwira ntchito ndi Bid Data Sheet. Chidule chanu chikwane tsamba limodzi, ndipo pambali pa mfundo iliyonse muzilemba nambala ya ndime yomwe mwaitenga, kuti mukamakayika musayambenso kusanthula buku lonse.

Pamwamba pa tsambalo pakhale mapepala omwe akasowa mumatuluka mpikisano mtengo wanu usanayang'anidwe n'komwe. M'chikalata chanu ndi satifiketi yolembetsera bizinesi, ya PPDA, ya msonkho yochokera ku MRA, ya bungwe loyang'anira makontirakitala, fomu ya bidi yosainidwa, ndi chikole cha kubanki. Musangolemba kuti "ndili nayo". Lembani tsiku lomwe iliyonse ikutha mphamvu, chifukwa satifiketi yomwe yatha sabata imodzi tenda isanatsekedwe ili ngati palibe. Pa ya bungwe loyang'anira makontirakitalalo onaninso gulu lomwe munalembetsa. Makontirakitala amaikidwa m'magulu potengera mtundu wa ntchito ndi kukula kwa ndalama zake, choncho wolembetsa za misewu sangalowe pa ntchito yomwe ikufuna womanga nyumba, ndipo wa gulu laling'ono sangalumphire ntchito yoposa malire ake.

Tsopano pomwe pali vuto lanu. Chikalatachi chikufuna kuti ndalama za ntchito zomanga zomwe munagwira m'zaka zitatu, mukaziphatikiza n'kugawa patatu, zisachepere K150 miliyoni pachaka. Zanu zikukwana K420 miliyoni, kugawa patatu ndi K140 miliyoni. Mwaperewera ndi K10 miliyoni. Ndikudziwa kuti mtima ukuti, "Chaka chathachi tinafika 190, adzaona kuti tikukwera." Sadzaona zimenezo. Mfundoyi ndi ya inde kapena ayi, ndipo komiti yowunika ikakukhululukirani, mnzanu amene wagonja ali ndi poyambira dandaulo. Onaninso ngati m'maakaunti anu muli ntchito zomanga zomwe simunaziwerengere, koma zikhale zomwe zili kale m'mabuku omwe anaunikidwa. Kukonza manambala usiku musayese, kumeneko n'komwe kumaletsetsa kampani kuchita nawo matenda aboma.

Njira yoyera ndi kulowa pamodzi ndi kampani ina. Chikalata chanu chikulola zimenezo ndipo manambala a makampani awiriwo amaphatikizidwa, koma chikuti wotsogolera akwanitse yekha 40 peresenti ya zofunikazo, mnzake 25 peresenti. Pa K150 miliyoni, wotsogolera afike K60 miliyoni, winayo K37.5 miliyoni. Inu mutha kutsogolera bwinobwino. Chenjerani pokha kuti mnzanuyo nayenso akhale ndi mapepala onse aja, ndipo mudziwe kuti ntchito ikaonongeka khonsolo ingathe kugwira aliyense wa inu pa mlandu wonse, osati pa gawo lake lokha. Musamutole m'basi.

Pali zina ziwiri pagawo lomweli. Akufuna ntchito ziwiri zofanana ndi iyi, iliyonse yosachepera K80 miliyoni, zomalizidwa m'zaka zisanu zapitazi, umboni wake ukhale satifiketi yomalizira ntchito. Kalata yokupatsani ntchito imangosonyeza kuti munayamba. Ntchito zinayi za K40 miliyoni sizisanduka ziwiri za K80 miliyoni pokhapokha chikalata chitanena choncho, ndipo chanuchi sichikunena. Akufunanso umboni wakuti muli ndi K30 miliyoni yoyambira ntchito, kaya ndi ndalama zanu kaya kalata ya banki yolonjeza ngongole.

Za kasankhidwe, m'chidulemo mulembe mwadongosolo lomwe komiti idzatsate. Choyamba amaona mapepala. Kenako amaona ngati bidi ikuyankha zomwe anapempha: anthu monga folomani ndi ziyeneretso zake, zipangizo, nthawi yomalizira ntchito. Otsalawo ndi amene mitengo yawo imayerekezedwa, ndipo wotsika mtengo amamuunikanso ngati akukwanitsa zija za ndalama ndi luso. N'chifukwa chake mtengo wotsikitsitsa womwe umawerengedwa mokweza tsiku lotsegula nthawi zina si womwe umapambana.

Masamu nawo amakonzedwa. Tinene kuti mu BOQ, mndandanda wa ntchito ndi mitengo yake, muli mzere wa makiyubiki mita 120, inu mwaika K85,000 pa imodzi, koma kumapeto kwa mzere mwalemba K1,020,000 m'malo mwa K10,200,000. Komiti imatenga mtengo wa pa imodzi n'kuchulukitsa yokha, ndiye bidi yanu imakwera ndi K9,180,000. Munali woyamba, mwapezeka wachitatu. Mukakana kukonzako, bidi imatayidwa ndipo chikole chanu chingathe kulandidwa. Onetsetsaninso ngati mtengo womaliza uyenera kukhala ndi VAT m'kati.

Masiku muwerenge chobwerera kuchokera pa tsiku lotseka. Tenda yanu ikutsekedwa pa 30 Meyi nthawi ya 2 koloko masana, ndipo envelopu yofika mphindi zochepa pambuyo pake imabwezedwa yosatsegula, ngakhale munali pakhomo mukukambirana ndi alonda. Mafunso akulandira mpaka masiku 14 tsikulo lisanafike, kutanthauza pa 16 Meyi, ndipo akhale olemba. Zomwe ofisala wakuuzani pafoni sizimanga aliyense. Kukaona malo a ntchito m'chikalatachi n'kokakamiza, choncho mukapita mukasaine m'kaundula wa obwera.

Pomwe ambiri amagwa ndi pa chikole. Bidi yanu iyenera kukhala yamphamvu masiku 90 kuchokera pa 30 Meyi, kufika pa 28 Ogasiti. Koma chikole chiyenera kupitirira pamenepo ndi masiku 28, kufika pa 25 Seputembala. Mukangouza banki kuti "masiku 90", idzalemba Ogasiti, ndipo bidi idzatuluka pa gawo loyamba lomwe lija. Apatseni tsiku lenileni ndi fomu yomwe ili m'chikalatamo, asagwiritse ntchito mawu awoawo. Khonsolo ikatulutsa chosintha chosunthira tsiku lotseka, masiku awiriwa nawonso asuntha, ndiye chikolecho chikakonzedwenso. Zosinthazo amatumizira amene analembedwa kuti anagula chikalata, choncho sungani lisiti ndipo mutsimikize kuti anatenga nambala ndi imelo yolondola.

Sabata ino ndikanakhala inu ndikanachita ziwiri: kukumana ndi amene mukufuna kulowa naye limodzi mutanyamula maakaunti a nonse, ndi kulembera khonsolo pasanafike pa 16 Meyi kufunsa ngati ntchito ziwiri za K80 miliyoni zingachokere imodzi kwa inu, ina kwa mnzanuyo. Ndime imeneyo sinalembedwe momveka, ndipo yankho lake ndi lomwe likuuzeni ngati mupite kubanki kapena mudikire tenda ina.