Kalata yanu ikudziteteza kwambiri

"Ndimasoka zovala ku Kapata. Diresi la ukwati ndinalipereka mochedwa, mayi wa mkwatibwi wakwiya. Ndinalemba kuti: 'Pepani ngati mwakhumudwa, koma magetsi amazimazima, komanso inu munabweretsa nsalu mochedwa.' Sanayankhe. Ndikonze pati?"

Achemwali, yambani mwachotsa "ngati". Mayiyo wakhumudwa ndithu, ndiye mawuwo akumveka monga mukukayikira. "Koma" nayenso achoke, chifukwa amafufuta kupepesa konse komwe kwatsogola.

Za nsaluzo mwina n'zoona. Komabe munailandira n'kulonjeza tsiku, choncho mlandu ndi wanu. Za magetsi, ndani muno mu Chipata sazidziwa? Chimene chinamuwawa n'chakuti simunamuimbire foni.

Ine ndikanalemba chonchi:

"Amayi, ndinalonjeza diresi Lachitatu, ndinalipereka Loweruka m'mawa, tsiku la ukwati. Ndinalakwa. Nditaona kuti ntchito ikuchedwa ndinayenera kukuuzani, sindinatero, ndipo ndinakusowetsani mtendere pa tsiku lalikulu la mwana wanu. Pepani. Ndikubwezerani K150 pa ndalama yosokera, pa foni, Lachisanu lino."

Ndalamayo lembani yomwe mungakwanitsedi, ndipo Lachisanulo lisaphonye. Zoti adzabwerenso kudzasoketsa musatchule m'kalatayi.