Sikirini yafa koma machati akufunika: musathamangire foni yatsopano

"Abale thandizeni. Foni yanga ya Tecno yagwa pasimenti, sikirini yada bii, koma munthu akaimba ikulira. Maoda a makasitomala ndi maina a amene ndinawakongoza zitenje zonse zili pa WhatsApp. Ndingazitulutse bwanji?"

Pepani achemwali. Poti ikulira, mkati mwake muli bwino, ndipo machati anu akadalimo. Chimene chingawataye tsopano ndi phuma. Musachotse simu n'kukatsegula WhatsApp m'foni ina lero. Nambala ikangolembetsedwa kwinako, WhatsApp ya m'foni yosweka imatuluka yokha. Choopsa kwambiri n'chakuti mukadina Skip pamene yakufunsani za Restore, foni yatsopanoyo ikadzasunga bakapu yake ya machati imafafaniza yakale ija pa Google Drive, ndipo sibwereranso.

Yambani mwaona ngati bakapu ilipo. Bwerekani foni kapena kompyuta, lowani mu Google Drive ndi imelo yomwe inali m'foni yanu, mutsegule Backups. Mukapeza ya WhatsApp yokhala ndi nambala yanu, onani tsiku lake. Ngati ndi ladzulo kapena dzana, nkhani yapepuka: ikani simu yomweyo ndi imelo yomweyo m'foni ina ya Android, tsegulani WhatsApp, dinani Restore. Koma ambiri timazimitsa bakapu poopa kutha kwa bandulo, kapena inatcheredwa kuti izidikira Wi-Fi yomwe kunyumba kulibe, ndiye musadabwe mukapeza ya chaka chatha kapena osapeza konse.

Zikatero, ntchito ndi yoti foniyo ione kwa ola limodzi lokha. Ena akuuzani kuti muilumikize kukompyuta ndi chingwe n'kukopera mafayilo. Sizitheka, chifukwa mafoni a Android amasiku ano amabisa zonse zamkati mpaka mutatsegula ndi pini kapena pateni yanu, kenako n'kusankha File transfer pasikirini yomwe yafayo. Ena atchula mausi yolumikiza ndi kachingwe ka OTG. Imeneyo ndi njira yabwino ndithu, koma ndi ya munthu amene galasi lake lasweka n'kuleka kumva chala pamene zithunzi zikuonekabe: amalowetsa mausi, kamuvi kamaoneka, n'kulemba pini modina. Kwa inu kwada, simungaone podina. Zoonetsa pa wailesi yakanema kudzera pa HDMI nazonso zimatheka pa mafoni ena odula ngati Samsung Galaxy S, osati pa Tecno ndi itel wamba.

Njira yanu ndi sikirini yobwereka. Pitani kwa wokonza mafoni, mumuuze kuti simukufuna kugula sikirini, mukufuna angolumikiza yamtundu wa foni yanu osamata, kuti musamutse machati. Ambiri amavomera mukawalipira ya ntchito. Nenani momveka, ngakhale kawiri, kuti asaifulashe ndipo asaichite Factory reset, chifukwa zimenezo zimapukuta zonse ndipo palibe katswiri angazibweze. Khalani pomwepo. Akachotsa batire foni imayaka mwatsopano, ndipo siitseguka ndi chidindo cha chala, imafuna pini. Lembani nokha, musamupatse. M'menemo muli nkhani za makasitomala komanso mauthenga a ndalama zanu.

Ikangoyaka, gulani bandulo yokwanira, tsegulani WhatsApp, lowani Settings, Chats, Chat backup. Onani kuti imelo yalembedwapo ndi yomwe mukukumbukira pasiwedi yake, lolani kuti igwiritse ntchito deta ya m'simu, siyani mavidiyo kuti ifulumire, dinani Back up. Musachoke mpaka ifike 100% ndipo tsiku lalero lioneke. Ngati mwapita ndi foni yatsopano ya Android, pali Transfer chats pamalo omwewo: yatsopano imaonetsa kodi ya QR, yakale imaijambula, machati n'kudutsa osadya bandulo.

Chinanso, ngati munalumikizapo WhatsApp pakompyuta, tsegulani lero lomwe mukopere maoda ndi ngongole zija m'kope. Imapitiriza kugwira ngakhale foni ili chete, koma pakatha masiku 14 foni isanagwiritsidwe ntchito imakutulutsani.

Kwa anzathu amene foni yawo siyaka n'komwe: yesani tchaja ndi chingwe china kwa mphindi 30, kenako gwirani batani loyatsira pamodzi ndi lotsitsira mawu kwa masekondi 20. Kawirikawiri vuto limakhala batire kapena polowetsera tchaja, ndipo kusintha zimenezi sikukhudza machati. Ngati inagwera m'madzi musaitchaje, komanso musataye nthawi ndi kuiika mumpunga. Ithamangitseni kwa wokonza aitsegule n'kuipukuta dzimbiri lisanadye bodi yamkati mwa foniyo. Bodi ikafa, wina asakunamizeni kuti azula kachipangizo kosungira zinthu n'kukawerengera kwina. Zomwe zili m'menemo zimatseguka pabodi yake yomweyo yokha, ndi pini yanu, ndiye ndalama zanu zipite kwa amene angadzutse bodiyo ngakhale kwa mphindi zochepa.