Za madola 500 aja, asuweni

"Asuweni thandizeni. Ndikufuna kutumiza madola 500. Akuti dola imodzi ndi 0.80 ya paundi, ndipo amadula 5 peresenti. Kufika mapaundi angati?"

Eee, asuweni, mwatikumbuka lero? Gulu lonseli anthu 20 ndi kaya angati, masamu akavuta ndiye mumadziwa kuti kuli ine. Chabwino. Ndikuyankha ndi mawu chifukwa kulemba zala zanga sizifuna, ndiye umvere mpaka kumapeto, usadumphe ngati umachitira muja.

Yankho la zomwe walembazo ndi lalifupi. Akadula 5 peresenti pa 500, ndiye kuti achotsa madola 25, kwatsala 475. Ukachulukitsa 475 ndi 0.80 ukupeza mapaundi 380. Basi, 380. Koma ine ndikukudziwa iwe. Sunadzuke m'mawa n'kungokonda nambala ya 500 ayi. Uko akufuna mapaundi 400, eti? Za mwana uja, zomwe munkakambirana ndi achemwali ako sabata yatha zija. Iwe unatenga 400 n'kugawa ndi 0.80, unapeza 500, unasangalala, kenako ndiye wakumbuka kuti kuli chaji. Ngati ndikunama undiuze, koma sindikunama.

Ndiye usanatumize kalikonse, dikira ndikuuze za amalume. Iyayi, osati amalume aang'ono, ndikunena akuluwo, a chikwama chija. Amene mukuseka kale m'gulumu ndikukuonani. Iwe sunaliko nthawi imeneyo, unali udakali kusukulu, ndiye nkhaniyi unangoimva theka.

Amalume ankafunika kuti munthu wina alandire 1,000 yeniyeni, yosaperewera. Inali ngongole ija, sindinena zambiri, eni ake ali m'gulu momwemuno. Komwe ankatumizirako ankadula 10 peresenti. Inde, yambiri, koma ndi momwe zinalili. Amalume anakhala pansi ndi kabuku kawo kaja, cholembera kukhutu, magalasi pamphuno, n'kunena kuti, "10 peresenti ya 1,000 ndi 100. Ndiwonjezera 100 yawoyo, adye, inayo ipite." Anatumiza 1,100. Anabwera akuimba mluzu. Ine anandiuza kuti, "Mphwanga, masamu sakalamba."

Madzulo foni inalira. Uko akuti kwafika 990.

Aaa, amalume kukwiya! Akuti andibera. Mawa lake anandikoka kuti tipite limodzi, ine ndikhale mboni, ngati kuti ndinaona china chake. Tafika, mtsikana wa pawindo uja anangotenga lisiti, n'kuloza ndi chala mzere umodzi, n'kunena mwaulemu kuti, "Bambo, mwatipatsa 1,100. Ndiye 10 peresenti ya 1,100 ndi 110." Amalume anatulutsa kabuku, anawerengera pomwepo anthu ali pamzere kumbuyo, anawerengeranso kachiwiri, kenako anangoti, "Hmm." Ukudziwa "hmm" wawo uja. Sanapepese. Anangofunsa kuti, "Kwaperewera zingati?" Akuti 10.

Tsopano tamvera apa, chifukwa apa ndi pomwe ine ndinalephera kudzigwira. Amalume anati, "10 peresenti ya 10 ndi 1," n'kupereka 11. Ine ndinawagwira mkono, ndikuti malume, ndi zomwe zija izi. Anandiyang'ana ngati ndaba. Anatumiza 11 yawoyo, anthu aja anadula 1.10, uko kunafika 9.90. Kunaperewerabe 0.10! Maulendo awiri, ndalama zonse zomwe anapereka 1,111, koma ngongole osatha. Mpaka lero eni ake aja akafuna kuwaputa amangoti, "Nanga 10 yanga ija?" Amalume amatuluka panja.

Ehe, ndinali pati? Za iwe.

Chomwe chinawagwetsa amalume ndi ichi: peresenti ija samaiwerengera pa ndalama yomwe ukufuna ifike. Amaiwerengera pa ndalama yomwe wapereka. Ukawonjezera kanthu kuti ulipire chaji, kowonjezerako nakonso amakadula. Ndipo ndikudziwa iwe unali pafupi kuchita zomwezo, magazi ndi amodzi. Ukanati 5 peresenti ya 500 ndi 25, nditumiza 525. Tiye tione. 5 peresenti ya 525 ndi 26.25. Ukachotsa kwatsala 498.75. Kuchulukitsa ndi 0.80, kukufika mapaundi 399. Paundi imodzi yokha kuperewera. Kwa munthu wamba paundi imodzi mungoseka n'kuiwala, koma ngati ndi malipiro oti akufuna 400 ndendende, pakompyuta pawo paoneka kuti sunamalize kulipira, ndipo uyambanso kutumiza kachiwiri ngati amalume.

Njira yake ndi yoyenda chobwerera, kuyambira komwe ndalama ikufika. Uko akufuna mapaundi 400. Kuti upeze madola ake, ugawa 400 ndi 0.80, ndiye 500 ija unaipeza kale, pamenepo unakhoza. Koma 500 imeneyo ndi yomwe iyenera kutsala atadula kale. Akadula 5 pa 100 iliyonse, kumatsala 95, ndiye kuti 500 yakoyo ndi 95 peresenti chabe ya ndalama yomwe upereke. Choncho ugawa 500 ndi 0.95. Pakalikuleta ya pafoni lemba chonchi:

```
400 ÷ 0.80 ÷ 0.95
```

Ikupatsa 526.31 ndi manambala ena kutsogolo... iyayi dikira, ndione bwino, 526.3157 kupitirira. Pamenepo usadule mchira n'kunena kuti 526.31, ukwezere m'mwamba, 526.32. Ukafuna mtima ukhale m'malo ungopereka 527, kukafika mapaundi 400 ndi kakusintha pang'ono pamwamba, 400.52, palibe amene akakudandaule. Amalume akanagawa 1,000 ndi 0.90 akanapereka 1,111.12 kamodzi kokha n'kupita kukagona.

Koma, koma, usanathamange. Pali chinthu chimodzi chomwe sunandiuze, ndipo mwina nawenso sunafunse. Mawu akuti "amadula 5 peresenti" anthu amawanena pa zinthu ziwiri zosiyana. Ena amachotsa m'kati mwa ndalama yomwe wapereka, ngati momwe ndawerengeramu. Ena sakhudza ndalama yotumizayo, chaji amakulipiritsa pamwamba. Ngati ako ali a pamwamba, ndiye kuti ulemba 500, iwo awonjezera 25, m'thumba mwako mutuluka 525, ndipo uko kufika 400 yathunthu. Waona? 525 yomwe ija ndimaiseka, kwa amenewa ndi yolondola. Nambala imodzi, kwina ikwana, kwina iperewera. Kudziwa kwake n'kosavuta. Usanadine komaliza, kapena usanapereke ndalama pawindo, amakuonetsa mizere itatu: yomwe ukutumiza, chaji, ndi yomwe alandire. Ukalemba 500 mzere womalizawo n'kuonetsa 380, ndiye odula m'kati, tsatira za kugawa ndi 0.95 zija. Ukaonetsa 400, ndiye a pamwamba, lipira 525 yako uzipita. Mzere wa wolandira ndi womwe uziyang'ana, ina ija ingokusokoneza.

China, pakuti ndikudziwa ukafika pamenepo mutu uyamba kutentha. Uzifunsa kuti ndichulukitse kapena ndigawe. Ine sindiloweza, ndimangodzifunsa kuti ndalama yamphamvu ndi iti. Pa reti yomwe akupatsayi dola imodzi siikwana paundi yathunthu, ndiye paundi ndi yamphamvu. Choncho ukachoka ku madola kupita ku mapaundi nambala iyenera kuchepa. Ukapeza 625 pa madola 500, udziwe kuti wagawa pomwe umayenera kuchulukitsa, ndipo usaimbire munthu kumuuza kuti kukubwera zambiri. Nthawi zina amalemba reti motembenuza, kuti paundi imodzi ndi madola 1.25. Ndi reti yomweyo, usadabwe, chifukwa 1 kugawa ndi 0.80 ndi 1.25. Akalemba choncho, 400 uchulukitsa ndi 1.25, ukubwereranso pa 500 pomwe paja.

Mlongo wako adzafunsa, chifukwa amafunsa chilichonse, kuti nanga kudula kaye kapena kusintha kaye, chabwino n'chiti. Muuze kuti palibe kusiyana. Ukasintha kaye 500 ikhala mapaundi 400, kudula 5 peresenti ndi 20, kwatsala 380 yomwe ija. Zimakhala choncho chifukwa chaji ndi ya peresenti. Akakhala ndi kachaji kena kokhazikika, koti madola atatu kapena angati pa ulendo uliwonse, kameneko ndiye ufunse kuti akukachotsa pati, n'kuwonjezera pakokha.

Ndipo reti imeneyo uione tsiku lotumiza, osati ya dzana. Imasuntha. Komanso yomwe waiona pafoni siikhala nthawi zonse yomwe akusinthire, iwo amakhala ndi yawo yotsikirako pang'ono, ndipo pamenepo amadyaponso. Atakupatsa 0.78 m'malo mwa 0.80, madola 500 aja akhala mapaundi 390 asanadule n'komwe chaji. Ndiye reti ikasintha, usinthe nambala yapakati ija pakalikuleta, zina zonse chimodzimodzi.

Ndalankhula mphindi zingati kodi, mayo ine. Ndikuti chonchi, asuweni: ngati akudula m'kati, peresenti usawonjezere, ugawe. 400 kugawa ndi 0.80, kugawanso ndi 0.95, upereke 526.32 kapena 527.

Wamva? Osati 500, kufika 380. Osati 525, kufika 399. Upereke 527, ndipo uyang'ane mzere wa wolandira uonetse 400 kapena kupitirira usanadine. Ukatumiza unditumizire chithunzi cha lisiti ndione. Ndipo wina asawaseweretse amalume uthenga uno, ndidakali ndi ngongole yawo ya chikwama chija.