Modelo ikamawonjezera mafunso m'malo moyankha

"Ndatsitsa modelo ya chilankhulo pa kompyuta yanga kuno ku Ulongwe. Ndikalemba funso siyankha, imangolemba mafunso ena pansi pake. Kodi ndi yowonongeka?"

Ayi achimwene, ili bwinobwino. Taonani dzina la fayiloyo: ngati mulibe mawu akuti `instruct` kapena `chat`, n'kutheka kuti mwatenga modelo imene inangodutsa maphunziro oyamba okha.

Pa maphunziro oyambawo ntchito ndi imodzi basi. Zolemba zimadulidwa m'tizidutswa totchedwa matokeni, kenako modelo imalosera tokeni yotsatira. Titenge chiganizo chakuti "Mayi apita kumsika kukagula mbatata". Modelo ikafika pa "kukagula" imagawa mwayi kwa tokeni iliyonse imene ikuidziwa, ndipo modelo yotchedwa GPT-2 inali nawo 50,257. Tinene kuti "mbatata" ndi tokeni imodzi ndipo yapatsidwa mwayi wa 0.1. Chilango chake chimawerengedwa ndi `-ln(p)`, `p` kukhala mwayi wa tokeni yolondolayo; apa chikhala 2.3, pomwe mwayi ukanakhala 0.9 chikanangokhala 0.1. Manambala am'kati mwa modelo, maparamita, amasunthidwa pang'ono kuti ulendo wina chilango chichepe. GPT-3 ya 2020 inali ndi maparamita 175 biliyoni ndipo inaphunzira pa matokeni pafupifupi 300 biliyoni.

Ndiye ganizirani: pa intaneti funso limatsatidwa ndi chiyani? Nthawi zina yankho, koma nthawi zinanso funso lina, ngati papepala la mayeso. Modelo yanuyo ikupitiriza pepalalo mokhulupirika. Palibe anaiphunzitsa kuti funso likabwera iziyankha.

Kumvera malangizo kumabwera pambuyo. Anthu amalemba malangizo pamodzi ndi mayankho abwino, modelo n'kupitiriza kulosera tokeni yotsatira, koma tsopano pa zitsanzo zimenezi, ndipo kawirikawiri chilango chimawerengedwa pa yankho lokha. Apa m'pomwenso imazolowera kuika tokeni yotsekera ikamaliza kuyankha. Pa modelo ya InstructGPT ya 2022, kampani ya OpenAI inagwiritsa ntchito zitsanzo pafupifupi 13,000 zokha pa gawoli. Kenako anthu ankasanja mayankho angapo a funso limodzi kuyambira labwino mpaka loipa, modelo ina n'kuphunzira kupereka malikisi motsanzira anthuwo, yoyamba ija n'kumakankhidwira kumene malikisi akukwera. Oyesa anakonda mayankho a InstructGPT ya maparamita 1.3 biliyoni kuposa a GPT-3 yaikulu ija.

Choncho tsitsani ya `instruct`, ndipo onetsetsani kuti pulogalamu yanu ikukulunga funso m'matokeni apadera osonyeza wofunsa ndi woyankha, omwewo amene modeloyo inaphunzira nawo. Akasokonekera mudzaona ikuyankha, kenako n'kudzifunsa yokha funso lina osaima.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti gawo lachiwirili limaphunzitsa kayankhulidwe kwambiri kuposa nzeru. Zambiri zimene modelo ikudziwa inazitola m'gawo loyamba, momwe Chichewa chinali chochepa zedi, ndipo mawu ngati "sindinakagule" amaphwanyidwa m'matokeni angapo. Mukaifunsa m'Chichewa za nthawi yobzala mbatata ku Tsangano, iyankha mwaulemu ndi molimba mtima ngakhale pamene ikungopeka, ndiye musanagule mbewu kafunseni kaye alangizi a zaulimi.