Kugawa mitu ya vidiyo yaitali potsatira pamene nkhani yasinthira

Mayi wina wafunsa kuti: "Ndili ndi vidiyo ya ola limodzi ndi mphindi 20 ya msonkhano wa alimi a soya ku Mitundu, ndipo mawu onse analembedwa mu fayilo ya SRT, imene imaonetsa mzere uliwonse wa mawu ndi nthawi imene unalankhulidwa. Ndingagawe bwanji mitu ndi nthawi zake kuti ioneke pa YouTube?"

Mayi, musagawe potsatira wotchi, monga kudula mphindi khumi zilizonse, chifukwa mutu udzayambira pakati pa chiganizo cha munthu. Werengani kaye fayilo yonse osalemba kanthu, kenaka mubwerezenso mukuika chizindikiro paliponse pamene nkhani yasintha. Olankhula amadziulula okha ndi mawu ngati "tsopano tibwere ku nkhani ya mbewu" kapena "pali funso lina?" Koma mlangizi akapatuka pang'ono kukamba za mitengo ya kumsika n'kubwereranso ku kabzalidwe, umenewo si mutu watsopano. Ine ndimadzifunsa kuti: kodi mlimi amene wadumphira pano angamve nkhaniyi popanda kubwerera m'mbuyo? Vidiyo yotalika chotere, mitu 8 kufikira 12 imakwana.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa gawo la mafunso. Mutu uyambire pamene wofunsa watsegula pakamwa, osati pamene mlangizi wayamba kuyankha, ndipo mubwerere m'mbuyo masekondi awiri kuti liwu loyamba lisadulidwe.

Chenjeraninso ndi nthawi zimene zili mu fayiloyo ngati inalembedwa vidiyo isanakonzedwe. Tiyerekeze kuti munachotsa mphindi 2 ndi masekondi 40 koyambirira, pamene anthu ankakonza mipando ndi kuyesa maikolofoni. Mzere umene walembedwa `00:31:15,000` udzapezeka pa 28:35, ndipo mukachotsa masekondi awiri aja mulemba 28:33 (kumbukirani kuti mukabwereka mphindi mumatenga 60, osati 100). Yerekezani nthawi ya mu fayilo ndi ya mu vidiyo pa malo atatu, koyambirira, pakati ndi kumapeto. Kusiyana kukakhala kofanana ponseponse, chotsani nambala imodzi yomweyo pa mizere yonse. Kukamakula pamene mukuyandikira kumapeto, kawirikawiri ndiye kuti munadulanso zina pakati, choncho chigawo chilichonse muwerengere pachokha.

Mndandandawo muulembe m'bokosi la `Description`, mutu uliwonse pa mzere wake:

```
00:00 Malonje ndi pemphero
04:10 Kusankha mbewu
28:33 Funso: tibzale liti?
1:02:15 Kukolola ndi kusunga
```

YouTube imafuna kuti nthawi yoyamba ikhale `00:00`, mitu ikhale itatu kapena kuposerapo, itsatane mwa dongosolo, ndipo uliwonse usachepere masekondi 10. Mukaona kuti mzere wa pansi pa vidiyo sunagawike, yang'anani zimenezi poyamba, makamaka nthawi imene yalembedwa mosemphana ndi inzake. Mayina a mitu akhale aafupi, pakuti alimi ambiri adzaonera pa foni, pamene dzina lalitali limadulidwa lisanathe.