Tebulo la kalembera likupatsani anthu 52 miliyoni? Yambirani pamenepo

"Akuluakulu, ndathandizidwa ndi tebulo la kalembera wa 2018 la maboma onse, ndaliika mu Excel. Koma ndikaphatikiza ndikupeza anthu 52 miliyoni. Ndalakwitsa pati? Ndikufuna nditulutsepo nkhani yokhala ndi tchati, mkonzi akuifuna Lachisanu."

Achemwali, musataye mtima, nambala yanuyo ndikuidziwa: ndi 52,691,247. Igaweni patatu muone. Mupeza 17,563,749, chiwerengero chenicheni cha anthu chomwe National Statistical Office, mwachidule NSO, ku Zomba idalengeza pa kalembera wa 2018. Chomwe chachitika n'chakuti mu kolamu imodzimodziyo muli maboma, muli mizere itatu ya zigawo, komanso pamwamba pali mzere wa Malawi yense. Inu mwaphatikiza zonse, ndiye munthu aliyense mwamuwerenga katatu: kwawo ku boma, kuchigawo, ndi m'dziko.

Musanakhudze kalikonse, sungani fayilo yoyambayo momwe idabwerera, mulembe penapake komwe mudaitenga, tsiku, ndi nambala ya tebulo m'lipoti. Gwirani ntchito pa kope. Tsiku lina wina akadzati mwanama, fayilo yosakhudzidwayo ndiyo mboni yanu.

Pa kopepo chotsani mizere ya zigawo ndi wa dziko lonse. Payenera kutsala mizere 32, osati 28. Maboma alipodi 28, koma kalembera amawerenga paokha mizinda inayi: Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Apa mpamene ambiri amagwa. Mu 2018 mzinda wa Lilongwe udali ndi anthu 989,318, pomwe Lilongwe ya kumidzi idali ndi 1,637,583. Mukangolemba kuti "Lilongwe ili ndi anthu osakwana miliyoni imodzi" osanena kuti ndi mzinda, munthu wa ku Mitundu kapena ku Kasiya mwamufafaniza.

Kenako onani ngati manambala anu alidi manambala. Tebulo lokopedwa kuchokera mu PDF limabwera ndi timipata tosaoneka, ndipo Excel imatenga nambala yotere ngati mawu. Ikamaphatikiza imangoilumpha mwakachetechete, osakuchenjezani. Manambala a 2018 akhale mu kolamu C, kuyambira mzere 2 mpaka 33, ndipo yesani izi:

```
=COUNTA(C2:C33)
=COUNT(C2:C33)
=SUM(C2:C33)
```

Yoyamba ikuwerenga mabokosi onse omwe muli kanthu, yachiwiri okhawo omwe muli nambala. Zonse ziwiri zikuyenera kunena 32. Yachiwiri ikati 30, maboma awiri abisala. Kawirikawiri mudzawaona atatsamira kumanzere kwa bokosi pomwe anzawo ali kumanja. Yachitatu ikuyenera kugwa ndendende pa 17,563,749. Ikasiyana ngakhale ndi munthu mmodzi, musapitirire, fufuzani. Ine ndidaphunzira izi ndi manyazi: pa ntchito ina ndidapereka tebulo kwa mkonzi boma limodzi lalikulu litalumphidwa chonchi, ndipo adaligwira ndi mnzathu wokonza masamba, chifukwa chakuti kwawo n'komweko.

Tebulo likayera, dziwani kuti nkhani simunaipezebe. Chiwerengero cha chaka chimodzi ndi mndandanda chabe. Nkhani imabwera mukayerekeza, ndiye ikani manambala a 2008 mu kolamu B pambali pa a 2018, muwerengere kukula kwake:

```
=(C2-B2)/B2*100
```

Tsono apa pali msampha womwe ndikufuna mukhalepo kaye. Mukasaka chiwerengero cha dziko cha 2008 mupeza manambala awiri, 13,077,160 ndi 13,029,498, ndipo onse ndi a NSO. Palibe yabodza. Yoyamba ndi ya anthu onse omwe adapezeka pamalo nthawi ya kalembera, alendo omwe. M'malipoti amalemba kuti `de facto`. Yachiwiri ndi ya anthu owerengedwa komwe amakhala nthawi zonse, `de jure`. Lipoti la 2018 limayerekeza ndi yachiwiriyi, ndipo mpomwe pamachokera mawu akuti anthu adachuluka ndi 35 peresenti. Mukatenga yoyamba mupeza 34. Pa dziko lonse kusiyanako n'kochepa, koma m'mizinda, momwe alendo amalowa ndi kutuluka tsiku ndi tsiku, kumakula ndithu. Choncho manambala a 2008 atengeni m'lipoti la 2018 lomwelo, pomwe NSO idawaika pambali pa anzawo. Musatole kolamu ina uku, ina uko.

Musagawenso 35 ndi zaka khumi n'kulemba kuti tikuchuluka ndi 3.5 peresenti pachaka. NSO imati 2.9. Kuchuluka kwa anthu kuli ngati chiwongoladzanja cha banki mkhonde, chaka chilichonse chimamangirira pa cha chaka chatha. Komanso kalembera wa 2008 adachitika mu Juni, wa 2018 mu Seputembala, ndiye pakati pake padadutsa zaka khumi ndi miyezi itatu.

Mukasanja mizinda inayi ija, muona chinthu chokoma. Mzinda wa Lilongwe udawonjezera anthu oposa 300,000, pomwe Mzuzu, womwe udafika pa 221,272, udawonjezera osakwana 100,000. Koma pa peresenti Mzuzu uli patsogolo, wadutsa 60, Lilongwe sunafike 50, ndipo Blantyre uli kumbuyo kwenikweni. Ziganizo ziwiri izi, "Lilongwe udalandira anthu ambiri" ndi "Mzuzu ukukula mwachangu kuposa mizinda yonse", zonse n'zoona, koma sizikunena chinthu chimodzi. Sankhani chimodzi chikhale mutu, chinacho muchinene m'ndime yachiwiri kuti owerenga asasokonezeke. Ine ndikadatenga cha Mzuzu, chifukwa cha Lilongwe aliyense wokwera minibasi ya ku Area 25 akuchidziwa kale.

Tebulo likukuuzani kuti Mzuzu wakula, koma silikuuzani chifukwa chake. Musalembe kuti anthu akuthawa umphawi kumidzi ngati palibe amene wakuuzani ndi umboni. Imbani ku NSO, muwawerengere manambala anu ndi momwe mwawerengera, ndipo funso loyamba likhale ili: kodi malire a mzindawu adasintha pakati pa 2008 ndi 2018? Malire akakula, midzi yomwe idali kunja imalowa mumzinda pa pepala popanda munthu kusamuka, ndipo nkhani yanu imasintha. Mukatero pitani ku khonsolo ya mzinda, mukafunse za madzi, malo omanga ndi makalasi, mupezenso munthu wokhala kumeneko woti alankhule. Lembani dzina ndi udindo wa amene wakuyankhani komanso tsiku.

Tchati chisakuvuteni. Mizinda inayi, mipiringidzo inayi yogona, wautali pamwamba, nambala italembedwa kumapeto kwa uliwonse. Excel kapena Google Sheets zikwanitsa. Datawrapper, webusaiti yopangira matchati, imatulutsa chooneka bwino pa foni. Muyeso uyambire pa 0. Mukauyambira pa 20, Blantyre adzaoneka ngati sadakule n'komwe, ndipo mudzakhala mutanama ndi chithunzi manambala ali oona. Tchati chozungulira ngati chitumbuwa chija musachiyese, chifukwa maperesenti awa si zidutswa za chinthu chimodzi, saphatikizana kukwana 100. Mzuzu muupatse mtundu wowala, itatu yotsalayo ikhale yotuwa. Pamutu lembani zomwe mwapeza, osangoti "Chiwerengero cha anthu", ndipo pansi pake muike kuti gwero ndi kalembera wa NSO wa 2008 ndi 2018, kuwerengera ndi kwanu.

Lachinayi madzulo perekani fayilo yoyamba ija kwa mnzanu, musamuonetse mayankho anu, awerengere yekha. Kenako sindikizani nkhaniyo, mutenge cholembera, muzungulize nambala iliyonse, ya m'mutu ndi ya pa tchati yomwe, n'kuiloza m'tebulo imodziimodzi. Mukafika pa 32 ndi 17,563,749 mundiuze pompano, tionere limodzi kolamu ya 2008.